Mawu Oitanira Malonda: Tsiku Lililonse ndi Mutu Wake

Eni magolosale ndi maokala ambiri a kumidzi alibe ndalama zolengezera malonda awo pa wailesi kapena m'nyuzipepala. Chimene ali nacho ndi foni ya m'manja ndi bolodi lakuda la pakhomo pa sitolo. Amajambula katundu, naika chithunzicho pa WhatsApp Status, nalemba mawu pang'ono pansi pake. Vuto limene limaoneka kawirikawiri ndi lakuti mwini sitolo amayamba ndi changu, koma pakapita masiku anayi mawu amuthera. Tsono amangobwereza "Bwerani mudzagule" tsiku ndi tsiku, kufikira anthu aleka kuwerenga. Mankhwala a vuto ili ndiwo kupatsa tsiku lililonse la pa mlungu mutu wakewake, ndi kubwereza mituyo mlungu ndi mlungu.

Chifukwa chake cha kuwerengera masiku ndi ichi: chithunzi choikidwa pa Status chimakhala maola 24 okha, kenaka chimafufutika chokha. Chotero mawu a lero ayenera kugwira ntchito yawo lero lomwe kapena mawa m'mawa. Mwini sitolo akadziwa kale kuti Lachiwiri ndi tsiku lonena za katundu watsopano, sataya nthawi ndi kuganiza chonena. Ogula nawonso amazolowera, nadziwa tsiku loti ayang'ane mitengo.

Poyamba, mwini sitolo aone masiku awiri amene malonda ake amatsamirapo: tsiku la msika wa kwawo, ndi tsiku limene amakaoda katundu. Masiku ena onse amakonzedwa potsata awiriwa. Mwachitsanzo, pakhale golosale ya pa malo amene msika wake umachitika Lachinayi, ndipo mwini wake amakaoda katundu ku tauni Lolemba masana.

Lolemba, mwini golosaleyo aonetse katundu amene wakhalitsa pa shelefu, pakuti afuna malo ndi ndalama zokaodera wina. Lachiwiri anene za katundu amene wafika. Lachitatu ndilo tsiku la mitengo ya zinthu zofunika pa nyumba, monga sopo, mchere, shuga ndi mafuta ophikira, popeza madzulo a tsiku limeneli ndi pamene mabanja amapangana zokagula ku msika. Lachinayi, anthu ochokera kutali ali pa msika, tsono mutu wake ukhale wa malo: pamene sitolo ili, nthawi yotsekera, ndiponso ngati ilandira ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Lachisanu lisakhale la malonda, koma la langizo limodzi lothandiza, monga lakuti mchere wa ayodini usungidwe m'chiwiya chovundikira, kutali ndi chinyezi ndi dzuwa. Loweruka anene za zofunika pa chakudya cha Lamulungu, monga mpunga ndi buledi. Lamulungu asaike kanthu, koma akhale pansi ndi kope, alembe mawu a masiku asanu ndi limodzi akudzawo.

Pakulemba, mawu a tsiku lililonse akhale ndi zinthu zitatu: dzina la chinthu, mtengo wake kapena phindu lake, ndi chimene wowerenga ayenera kuchita. Mizere iwiri ikwanira, pakuti munthu amaona chithunzicho kamphindi chabe. Mawu a Lachiwiri angakhale otere: "Mafuta ophikira a lita imodzi afika. Alipo mabotolo 24 okha. Imbani kuti tikusungireni." A Lachinayi angakhale otere: "Tili moyang'anana ndi chigayo. Titseka 6 koloko madzulo. Mpamba tilandira." Mawu a Lachitatu asiyidwe ndi mpata wa mtengo, ndipo mtengowo ulembedwe m'mawa wa tsikulo, chifukwa mitengo ya ku oda imasintha. Mawu omwewo alembedwenso ndi choko pa bolodi la pakhomo, kuti awerengenso amene alibe foni.

Mituyo sisintha, koma katundu wotchulidwa pansi pake atsate nyengo. M'mwezi wa Seputembala, pamene sukulu zitsegulidwa, Lachiwiri ndi Lachitatu zikhale za makope, mapensulo ndi polishi wa nsapato. Mvula ikayandikira, mu Okutobala ndi Novembala, zikhale za mbewu ndi makasu. Nthawi yokolola zikhale za matumba ndi zingwe zosokera. Pa mlungu wotsiriza wa mwezi, pamene aphunzitsi ndi ena a pa ntchito ayembekeza malipiro, nkoyenera kuonetsa zinthu zogula zambirimbiri, monga bokosi la sopo. Pakati pa mwezi aonetse zoyeza pang'onopang'ono.

Tsono mwini sitolo adziwa bwanji kuti mutu wina ukugwira ntchito? Pansi pa chithunzi chake pa Status pamaoneka chiwerengero cha anthu amene achiona. Alembe chiwerengero chimenechi m'kope usiku uliwonse, ndipo pambali pake aike kamzere pa munthu aliyense amene wafunsa kapena kugula chinthu chimene chinatchulidwa. Apitirize chotero milungu inayi, kuti kutha kwa mwezi ndi pakati pa mwezi zonse zilowemo. Kuweruza pa mlungu umodzi wokha kumanyenga, pakuti mlungu wa malipiro mutu uliwonse umaoneka wabwino.

Kope limeneli limaulula matenda awiri osiyana. Ngati oona ali ochepa masiku onse, monga 15 kapena 20, cholakwa si mawu ayi. Status imaoneka kwa anthu okhawo amene anasunga nambala ya mwini sitolo, iyenso nasunga yawo. Chotero alembe nambala yake pa bolodi, napemphe ogula kuti asungirane manambala. Koma ngati oona ali ambiri ndipo ofunsa palibe, cholakwa ndi mawu kapena mutu. Mwachitsanzo, kope la golosale ija lingaonetse kuti Lachitatu ndi Loweruka oona anali pafupifupi 70 pa tsiku, koma Lachitatu anafunsa anthu 9, Loweruka mmodzi yekha. Pamenepo mwini wake asinthe mutu wa Loweruka wokha, ena onse awasiye. Akasintha mitu itatu nthawi imodzi, sadzadziwa kuti chathandiza nchiti.

Pali zolakwa zitatu zimene zimaononga dzina la sitolo. Choyamba ndicho kusiya chithunzi cha katundu amene watha. Mayi amene wayenda mtunda wautali atawerenga za shuga, nakapeza kuti anatha m'mawa, sadzakhulupiriranso mawu a sitoloyo. Katundu akatha, chithunzicho chifufutidwe pomwepo ndipo bolodi lipukutidwe. Chachiwiri ndicho kutchula mtengo wina pa foni ndi wina pa kauntala. Chachitatu ndicho kujambula ogula popanda chilolezo chawo, kapena kutchula maina a angongole pofuna kuwachititsa manyazi. Zimenezi zimathamangitsa ngakhale ogula amene alibe ngongole.

Mwini sitolo amene aona kuti masiku asanu ndi limodzi amchulukira ayambe ndi atatu okha: tsiku lofika katundu, tsiku loti mawa kuli msika, ndi tsiku la msika lenilenilo. Akawasunga atatuwa mwezi wathunthu osadumpha, awonjezepo lachinayi.