Ntchito ili m'manja, koma malipiro sakufika pa 30: mafunso ndi mayankho

Chichokereni mu Novembala 2023, pomwe kwacha idagwa mphamvu ndi 44 peresenti, ogwira ntchito m'maofesi ambiri akhala akufunsana za kageni kapambali. Mwa mageni omwe amatchulidwa, tatengapo imodzi kuti tiione bwinobwino: kuweta nkhuku zanyama.

Ndimachoka m'mamawa n'kubwera kutada. N'zotheka?

N'zotheka, chifukwa ntchito yaikulu ya nkhuku imagwirika m'mawa ndi madzulo: kutsuka zomwera, kuthira chakudya, kutembenuza utuchi. Koma masabata awiri oyamba anapiye safuna kusiyidwa okha. Pafunika munthu wamkulu pakhomo woyang'ana mbaula ndi madzi, ndipo mum'lipire, ngakhale ali mlamu wanu. Wogwira ntchito yaulere amatopa msanga. Muphunzitseni chinthu chimodzi: anapiye akaunjikana pafupi ndi moto ndiye kuti akuzizidwa, akathawira m'mbali atayasama kukamwa ndiye kuti kwatentha, akamwazikana bwino n'kumadya zonse zili bwino. Ngati kungatheke, katengeni anapiye Lachisanu kuti masiku awiri oyamba mukhale nawo nokha.

Ndiyambe ndi zingati, ndipo zifuna chiyani?

Nkhuku 100 zimakwana m'khola la mamita 4 m'litali ndi 3 m'lifupi. Iliyonse imadya pafupifupi makilogalamu 4 kufika masabata 6, ndiye konzekerani matumba 8 a makilogalamu 50, kuyambira chakudya cha anapiye mpaka chonenepetsa. Chakudyachi ndicho chimadya gawo lalikulu la mpamba, choncho musakatenge anapiye mulibe ndalama ya matumba onse. Ambiri amadalira malipiro akubwera, chakudya n'kuthera pa sabata yachinayi, n'kuyamba kusakaniza ndi madeya. Nkhuku zimapinimbira, ndipo sizibwereranso m'chimake. Musadumphenso katemera wa chitopa ndi gumboro, motsatira masiku omwe ogulitsa anapiye kapena alangizi a ziweto akuuzani.

Phindu lake n'lotani?

Mitengo ikusinthasintha, ndiye tiwerengere mu nkhuku zomwezo. Tiyerekeze kuti mwa 100 zafa 5, ndipo zonse mwawononga, pa anapiye, chakudya, makala, utuchi, katemera, thiransipoti ndi wantchito, zikufanana ndi mtengo wa nkhuku 75. Phindu lanu ndi nkhuku 20 basi.

Apa ndiye pofunika kutsegula maso. Nkhuku zikakula, gulu lotere limamaliza thumba m'masiku atatu okha. Mukachedwa kugulitsa ndi sabata imodzi, matumba awiri apita, pomwe wogula sawonjezera mtengo chifukwa choti nkhuku yakhalitsa. Ndiye onjezani anzanu asanu a ku ofesi omwe atenga ziwiriziwiri n'kunena kuti "ndikuonani pakutha pa mwezi", mwezi n'kutha osakuonani. Theka la phindu lathera pomwepo. Wapantchito ambiri sagwa chifukwa cha matenda a nkhuku. Amagwa chifukwa cha kuchedwa ndi ngongole.

Nanga ndipewe bwanji zimenezi?

Werengani masiku chobwerera m'mbuyo. Ngati anthu amalandira cha pa 25, tengani anapiye masabata 6 tsikulo lisanafike, kuti nkhuku zikhwime ndalama zili m'matumba mwa anthu. Pa sabata yachinayi yambani kulemba mayina a ogula, ndipo yendani m'malesitilanti ang'onoang'ono ndi kwa okazinga chipisi, omwe amatenga zambiri nthawi imodzi ngakhale amanenerera mtengo. Lamulo likhale loti ndalama ilowe kaye pa Airtel Money kapena Mpamba, nkhuku ituluke pambuyo. Poyamba zimachititsa manyazi, makamaka akakhala abwana, koma anthu amazolowera. Nambala yolandirira ndalama za geni ikhale yosiyana ndi yogulira ndiwo.

Abwana akadziwa sindichotsedwa ntchito?

Werengani kalata yanu ya ntchito ndi malamulo a pakampani, chifukwa ena amafuna kuti muwadziwitse za bizinesi yapambali. Chomwe chimaika anthu m'mavuto kawirikawiri si nkhukuzo ayi, koma kunyamula chakudya pa galimoto ya kampani, kudzaza filiji ya mu ofesi ndi nyama, kapena kusowa pa desiki masana. Maoda muzipereka poweruka ndi Loweruka. Ngati mukukhala m'nyumba ya lendi, pemphani kaye eni nyumba, ndipo funsani ku khonsolo ya mzinda wanu za malamulo oweta ziweto m'dera lanulo.

Mpamba ndiutenge kuti?

Osati kwa akatapila: chiwongoladzanja chawo chimameza nkhuku 20 zija zisanamere n'komwe nthenga. Ngakhale ngongole ya banki m'khonde muiwerengere pamodzi ndi zowononga zina. Ngati m'manja muli zokwanira nkhuku 50, yambani ndi 50, matumba 4. Mukagulitsa zonse, chotsani utuchi, tsukani khola ndi mankhwala, lisiyeni lopanda kanthu masabata awiri, kenaka muonjezere chiwerengero ndi ndalama zomwe zalowadi, osati zomwe zili m'kope la angongole.