Kalata yotulutsira wodwala maganizo: deti la jakisoni lisasowe

Wodwala matenda a maganizo akatuluka m'chipatala chachikulu ngati cha ku Zomba, chithandizo chake chimapitirira pachipatala chaching'ono chakwawo. Dokotala wapamenepo sanamuonepo ali muwodi, ndiponso pakhomo pake pali mzere wautali wa odwala ena. Chomwe angadalire ndi mawu olembedwa m'buku la kuchipatala la wodwalayo basi.

Mawu akuti "apitirize mankhwala, adzaonedwenso" samuthandiza dokotala ameneyu. Mankhwala ake ati? Aonedwe liti, ndipo ndi ndani?

Tiyerekeze bambo wina amene anagonekedwa chifukwa ankamva mawu a anthu osaoneka. Watuluka pa 10 Juni, ndipo akulandira jakisoni wa flufenazini, yemwe amagwira ntchito pang'onopang'ono m'thupi kwa milungu ingapo. Kalata yabwino imalemba dzina la matenda, kenako n'kunena kuti: flufenazini, mamiligalamu 25, wobaya m'thako milungu inayi iliyonse, anabayidwa komaliza pa 3 Juni, adzabayidwenso pa 1 Julayi.

Deti lomalizalo likasowa, dokotala amangoganizira. Akawerengera kuchokera tsiku lotuluka, jakisoni amachedwa ndi mlungu wathunthu, ndipo kuchedwa kukamachulukira matenda amayambiranso. Akabaya msanga, mankhwala amachuluka m'thupi. Kalata inenenso mankhwala amene anasiyidwa ndi chifukwa chake, chifukwa kunyumba kumakhala mapilitsi akale omwe achibale angayambenso kumupatsa.

Kenaka kalata itchule zoyenera kuyang'ana ndi chochita chake. Flufenazini amatha kuumitsa thupi, kunjenjemeretsa manja ndi kuchititsa dovu, ndipo ambiri akaona zimenezi amathawa jakisoni. Wolemba anene kuti zikatero wodwala apatsidwe benzihekisolo, ndipo alembe mlingo wake. Koma thupi likauma pamodzi ndi kutentha kwambiri ndi kusokonekera mutu, imeneyo ndi ngozi: asabayidwenso, atumizidwe kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo.

Zizindikiro zoti matenda akubwerera zikhale za munthu ameneyu, osati za m'buku la kusukulu. Ngati bamboyu anayamba ndi kusagona usiku ndi kukana nsima poopa kuti amuthirira mankhwala, zilembedwe choncho. Ngati anayesapo kudzipha, kalata isabise, chifukwa milungu yoyamba munthu atangotuluka ndiyo yoopsa kwambiri. N'chifukwa chake ulendo woyamba wokaonedwa umayenera kukhala mkati mwa masiku 7, osadikira tsiku la jakisoni, ndipo deti lake, malo ake ndi nambala yoimbira zinthu zikavuta zilembedwe poonekera.

Inu amene mukudikirira m'bale wanu, musanatuluke pachipata tsegulani bukulo. Ngati mulibe dzina la mankhwala, mlingo, deti la jakisoni wotsatira ndi malo okaonedwa, bwererani kwa namwino akulembereni.