Chifukwa Chake "Mi" wa Kwaya Asiyana ndi wa Kiyibodi

Mphunzitsi amene anamverapo kwaya ku Kawale kapena ku Chinsapo adziwa chodabwitsa ichi: oyimba agwirizana bwino ali okha, koma kiyibodi ikalowa, "mi" amveka ngati wakwera pang'ono. Kawirikawiri cholakwa sichili mwa oyimbawo.

Liwu lililonse ndi kunjenjemera kwa mpweya. Tiyese kuti "do" anjenjemera ka 440 pa sekondi. Khutu limakondwa pamene manambala agawana bwino: "do" wapamwamba ndi 880, "so" ndi 660, ndipo "mi", amene aposa "do" ndi limodzi mwa magawo anayi, ndi 550. Awa ndiwo machunidwe achilengedwe, amene oyimba aluso amawayandikira posamalira mawu a anzawo.

Koma taonani vuto. Pa kiyibodi, mtunda wa "do" kufika "mi" ukayendedwa katatu uyenera kutifikitsa pa "do" wapamwamba. Tiyese mwachilengedwe: 440, 550, 687.5, kenaka 859.4. Taperewera pa 880! Nchifukwa chake kiyibodi imagawa mtunda wonsewo m'makwerero 12 ofanana, kuti nyimbo iyambike paliponse. Pamenepo "so" akhala 659.3, kusiyana kovuta kukumva, koma "mi" akwera kufika 554.4.

M'kalasi chitani motere. Gulu limodzi ligwire "do", lina "mi", kufikira mawu atakhazikika. Kenaka lizani mawu awiriwo pa kiyibodi. Ana atchere khutu: adzamva kaphiriphiri kofulumira kamene kanalibe m'mawu awo. Musamdzudzule mwana amene "mi" wake watsikirako. Mwina khutu lake ndilo lakuthwa.