Makasitomala 600 Pamapu Amodzi: Makina Amapeza Bwanji Khomo la Munthu?

Ofunsa njira ku Lilongwe sauzidwa nambala ya nyumba. Amauzidwa kuti atsike pa siteji yakuti, adutse chigayo, akhotere kumanja pamtengo wa mango, geti lachitatu lobiriwiralo ndi pomwepo. Wanjinga yamoto amafika popanda vuto. Koma mawu omwewo akalembedwa mu Excel n'kuperekedwa kwa kompyuta kuti iwaike pamapu, nkhani imasintha, chifukwa kompyuta sidziwa chigayo chimenecho, ndipo siingaime panjira n'kufunsa mayi wogulitsa tomato.

Ntchito yosandutsa keyala yolembedwa m'mawu kukhala manambala awiri osonyeza malo padziko, akatswiri amaitcha jiyokodingi. Nambala yoyamba, latichudi, imanena kutalika kwa malo kuchokera pamzere wodula dziko pakati, kumpoto kapena kummwera. Yachiwiri, longichudi, imanena za kummawa kapena kumadzulo. Lilongwe ali cha pa -13.98 ndi 33.78, pamene Blantyre ali cha pa -15.79 ndi 35.01. Kamzere kakutsogoloko kakutanthauza kummwera, ndipo malo onse a m'Malawi ali nako.

Kufufuza keyala imodzi pa foni n'kosavuta. Luso lagona poika mazanamazana nthawi imodzi. Mwachitsanzo, pakhale wamalonda wa ku Lilongwe amene amaperekera gasi wophikira m'makomo, ndipo ali ndi makasitomala 600 olembedwa mu Excel. Akufuna kuwaona onse pamapu kuti agawire madera anyamata ake atatu onyamula katundu, asamapingasane m'misewu n'kumawononga mafuta.

Asanatsegule n'komwe mapu, ntchito yaikulu ili m'tebulomo. Mzere woyamba uyenera kukhala wa mitu ya madanga basi, popanda dzina la bizinesi pamwamba kapena mabokosi ophatikizidwa. Kasitomala aliyense akhale ndi mzere wake ndi nambala yake yosasintha, chifukwa nambalayo ndiyo idzalumikize zotuluka pamapu ndi kaundula wakale. Kenako keyala aiphwanye: dera pakepake, mzinda pakepake, dziko pakepake, ndipo malangizo a chigayo ndi mtengo wa mango apite m'danga lawolawo limene makina sadzaligwiritsa ntchito pofufuza.

```
nambala,dera,mzinda,dziko,malangizo
K001,Area 25,Lilongwe,Malawi,"kuseri kwa chigayo, geti lobiriwira"
K002,Kawale,Lilongwe,Malawi,pafupi ndi msika
```

Danga la dziko limaoneka ngati lotayitsa nthawi kwa munthu amene makasitomala ake onse ali mumzinda umodzi. Si choncho. Ku Scotland kuli tauni ya Blantyre, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, ndipo mzinda wathu unatengera dzina kumeneko. Ku Cameroon kuli mzinda wa Limbe, m'mbali mwa nyanja yamchere. Makina akangopatsidwa mawu akuti Limbe okha, ali ndi ufulu wosankha Limbe amene amuganizira.

Excel nayo ili ndi khalidwe lake lofunika kulichenjerera. Nambala ya foni yoyamba ndi 0 imaimeza ziro uja. Nambala ya poloti yolembedwa 10/3 imatha kuisandutsa deti la pakalendala, mwini wake osazindikira. Mankhwala ake n'kusintha madangawo akhale `Text` asanalembemo kanthu. Ndipo posunga fayilo, kusankha `CSV UTF-8` kumathandiza kuti zilembo monga ŵ zisasanduke zizindikiro zosawerengeka.

Pali makeyala ena oti angowapatula kaye. Bokosi la ku positi ofesi silisonyeza kumene munthu amagona. Limasonyeza kumene amatengera makalata. Makasitomala 40 olemba mabokosi a ku Lilongwe akhoza kukhala ena ku Area 49, ena ku Likuni, ena ku Lumbadzi. Kuwapereka kwa makina n'kudzinamiza.

Tebulo likayera, chida chapafupi kwa ambiri ndi Google My Maps, chimene n'chaulere kwa yemwe ali ndi akaunti ya Google. Munthu amatsegula mapu atsopano, n'kudina `Import`, n'kusankha fayilo ya CSV kapena XLSX. Chidacho chimafunsa mafunso awiri: madanga ati amene akusonyeza malo, ndi danga liti likhale dzina la pini iliyonse. Wamalonda uja asankhe dera, mzinda ndi dziko pafunso loyamba, nambala ya kasitomala pachiwiri. Malire ake ndi mizere 2,000 pagawo limodzi la mapu, ndi magawo 10 pamapu amodzi, choncho makasitomala 600 akwanamo bwinobwino. Mizere imene yalephera kupezeka, chidacho chimachenjeza ndipo munthu amatha kuikonza m'tebulo la momwemo.

Njira ina ndi QGIS, pulogalamu yaulere ya akatswiri a mapu, yomwe ili ndi chida chotchedwa `Batch Nominatim geocoder`. Nominatim amafufuza m'mapu a OpenStreetMap, omwe amajambulidwa ndi anthu ongodzipereka padziko lonse. Eni ake anaika lamulo loti munthu asapitirire funso limodzi pasekondi, ndipo salimbikitsa kuwaunjikira ntchito zazikulu. Pa liwiro limenelo makeyala 600 amatenga mphindi 10, pamene 10,000 amatenga pafupifupi maola atatu. Chidachi chimafuna keyala yonse m'danga limodzi, ndiye madanga ophwanyidwa aja amalumikizidwanso mu Excel:

```
=B2&", "&C2&", "&D2
```

Mapini akangotulukira pamapu, mtima umakhala m'malo. Apa m'pamene ambiri amagwera m'mbuna.

Mzere umene walephereratu si woopsa, chifukwa umadziulula wokha. Woopsa ndi umene wapatsidwa pini yooneka bwino koma ili pamalo olakwika. Makinawa sakonda kubwerera chimanjamanja. Akasowa nyumba amapereka msewu, akasowa msewu amapereka pakati pa dera, akasowa dera amapereka pakati pa mzinda. Pini ya nyumba yeniyeni ndi pini ya pakati pa mzinda zimaoneka chimodzimodzi, mtundu umodzi, kukula kumodzi. Area 25 ndi dera lalikulu la masekita angapo, koma makasitomala 90 olembedwa kuti Area 25 basi adzaunjikana pa kadontho kamodzi, wina pamwamba pa mnzake, moti woyang'ana mapu adzaganiza kuti kumeneko kuli kasitomala mmodzi. Akagawa ntchito potengera zimene maso akuona, mnyamata wa dera limenelo adzalira ndi katundu pamene anzake akuwothera dzuwa.

Nanga munthu angadziwe bwanji? Zida zabwino zimanena zokha mmene zatsimikizira, kungoti anthu sawerenga. Geocoding API ya Google, yomwe imafuna akaunti yolipirira, imabweza yankho lililonse ndi chizindikiro chotchedwa `location_type`. Likakhala `ROOFTOP`, ndiye kuti yapeza keyala yeniyeniyo. `RANGE_INTERPOLATED` ndiye kuti yayerekeza pakati pa manambala awiri odziwika a mumsewu. `GEOMETRIC_CENTER` ndi pakati pa chinthu monga msewu, ndipo `APPROXIMATE` n'kungoloza chakumeneko. Nominatim nayenso amabweza `display_name`, dzina lonse la malo amene wapeza, lomwe munthu angaliyerekeze ndi zimene anafunsa. Wofunsa za Mchesi akabwezeredwa Lilongwe yekha, adziwe kuti Mchesi sanapezeke.

Ngakhale popanda zizindikirozi, mulu wa mapini umagwidwa ndi masamu apafupi. Manambala a malo akabwerera mu Excel, latichudi m'danga F ndi longichudi m'danga G, fomula iyi imawerenga anthu amene ali pa kadontho kamodzi:

```
=COUNTIFS(F:F,F2,G:G,G2)
```

Yankho la 2 kapena 3 likhoza kukhala loona, poti anthu amakhala mpanda umodzi. Yankho la 90 ndi mulu wabodza.

Zolakwika zina zimaoneka munthu akangochepetsa mapu kuti dziko lonse lioneke. Kamzere ka latichudi kakafufutika, kasitomala wa ku Lilongwe amapezeka ku Sudan. Manambala awiriwo akasinthana malo, amagwera m'nyanja ya Atlantic kumadzulo kwa Morocco. Kusinthanaku kumachitika kawirikawiri chifukwa zida sizigwirizana: Google Maps imayamba ndi latichudi, pamene mafayilo a KML amayamba ndi longichudi, ndipo mu QGIS danga la `X` ndi longichudi, la `Y` ndi latichudi. Mabokosi opanda kanthu akawerengedwa ngati ziro, mapini amakaunjikana pa 0 ndi 0, m'nyanja kummwera kwa Ghana. Palinso vuto losaoneka ndi maso, la kudula manambala. Digiri imodzi ya latichudi ndi makilomita pafupifupi 111, choncho manambala awiri okha kuseri kwa kadontho amaloza malo otambalala kuposa kilomita. Anayi amafika pa mamita 11, asanu pa mita imodzi. Wofuna geti la munthu asunge asanu.

Zikasefedwa chonchi, wamalonda uja adzapeza kuti makasitomala ake agawika patatu: amene apezeka ndithu, monga masukulu, malo odyera ndi maofesi odziwika, amene aikidwa pakati pa dera lawo, ndi amene sanapezeke konse. Gulu lachiwirilo si lotaya. Pa funso loti ndi madera ati amene akugula kwambiri, pakati pa dera mpokwanira, bola awerenge anthu, asawerenge mapini. Koma pa funso loti galimoto ikaime pati, gulu limenelo silithandiza.

Bungwe la MACRA lakhala likuyendetsa ntchito yopatsa misewu mayina ndi nyumba manambala, koma keyala yatsopano imathandiza makina pokhapokha italowa m'mapu amene makinawo amawerenga, komanso makasitomala atayamba kuilemba. Pakadali pano, njira yodalirika kwa wamalonda wa kuno n'kutolera yekha manambala a malo. Kasitomala akhoza kutumiza lokeshoni pa WhatsApp ali pakhomo pake. Kapena mnyamata woperekera gasi, atafika pageti ulendo woyamba, adinikize chala pamalowo mu Google Maps n'kukopera manambala amene atuluke. Anyamata atatu, aliyense makomo 10 atsopano patsiku, amamaliza makomo 600 m'masiku 20 ogwira ntchito. Manambalawo akalowa m'madanga a `latitude` ndi `longitude`, chida cha mapu sichiyerekezanso kanthu. Chimangoika pini pamene chauzidwa.

Chotsala ndi chinsinsi cha anthu. Mapu osonyeza makomo 600, ndi mayina ndi mafoni a eni ake, si chinthu choti chiziyendayenda m'magulu a WhatsApp, ndipo Malawi ali ndi lamulo loteteza mbiri za anthu lomwe linakhazikitsidwa mu 2024. Makina ofufuza malo safuna dzina la munthu kapena foni yake kuti agwire ntchito. N'chifukwa chake fayilo yachitsanzo ija ili ndi K001 m'malo mwa dzina: mayina amatsala m'kompyuta ya mu ofesi, ndipo mnyamata aliyense amapatsidwa mapu a dera lake lokha, otsekulidwa ndi akaunti yake, osati ndi aliyense amene wapeza linki.