Tizidutswa ta DNA tomwe timasamuka m'maselo

Njere imodzi ya chimanga ikakhala ndi madontho ofiirira pakhungu loyera, nthawi zina chimakhala chizindikiro chakuti kachidutswa ka DNA kanasamuka pomwe njereyo inkakula. DNA ndi ulusi wautali wa m'maselo womwe umasunga malangizo a chibadwa, ndipo akatswiri amauwerenga ngati mndandanda wa zilembo. Tizidutswa tosamukati amatitcha matiranzipozoni.

Woyamba kuzindikira zimenezi anali Barbara McClintock, katswiri wa ku America, yemwe ankafufuza chimanga ku Cold Spring Harbor m'zaka za m'ma 1940. Iye adalandira mphoto ya Nobel mu 1983.

McClintock adapeza tizidutswa tiwiri tomwe adatitcha Ac ndi Ds. Kachidutswa ka Ds kakalowa pakati pa langizo lopanga mtundu wa njere, langizolo limafa ndipo njere imatuwa. Koma Ac akakhalapo, Ds amatha kuchokapo m'selo limodzi. Langizo lija limadzukanso, ndipo maselo onse obadwa kuchokera ku selolo amakhala ndi mtundu. Ds akachoka njere ikadali yanthete, dontho limakhala lalikulu chifukwa selolo limabala maselo ambiri. Akachoka mochedwa, dontho limakhala laling'ono.

Izi n'zosiyana ndi chisononkho chokhala ndi njere zina zoyera, zina zofiirira paliponse. Kawirikawiri zimenezo zimadza chifukwa cha kusakanikirana kwa mungu wa mitundu iwiri ya chimanga.

Ac ndi Ds amasamuka mwa njira yodula ndi kumata. Ac amakhala ndi malangizo opangira puloteni yogwira ntchito ngati lumo. Puloteniyo imazindikira zilembo zapadera za kumapeto onse awiri a kachidutswa, n'kukadula, kenako n'kukakalowetsa pamalo ena. Ds alibe malangizo athunthu opangira lumoli, n'chifukwa chake sasuntha popanda Ac. Pamalo pomwe kachidutswa katera, zilembo zochepa za pomwepo zimabwerezedwa mbali zonse ziwiri. Kwa Ac zimakhala zisanu ndi zitatu, ndipo ofufuza amaziona ngati mapazi osonyeza kuti kachidutswako n'kobwera. Popeza kamachoka apa n'kukakhala apo, chiwerengero cha tizidutswa totere sichikwera msanga.

Njira yachiwiri ndi yokopera ndi kumata. Apa kachidutswa sikachoka pamalo pake. Selo limakawerenga n'kupanga kope la RNA, monga limachitira ndi malangizo ena onse. Kenako puloteni ina imatembenuza RNA ija kukhalanso DNA, ndipo kope latsopanoli limalowetsedwa kwina. Pomwe panali kamodzi pamakhala tiwiri, ndipo katsopanoko kangathenso kubala.

Kusiyana kumeneku ndiko kumafotokoza kuchuluka kwa DNA m'zamoyo zina. Pafupifupi magawo 85 pa 100 alionse a DNA ya chimanga ndi tizidutswa tosamuka, ndipo tambiri n'ta mtundu wokopera. Mwa munthu, tizidutswati timatenga pafupifupi theka la DNA yonse. Mtundu wotchedwa LINE-1, womwe ukakhala wathunthu umakhala ndi zilembo pafupifupi 6,000, uli ndi makope pafupifupi 500,000. Ambiri ndi oduka kapena owonongeka, moti pafupifupi 100 okha ndiwo angathe kusamukabe. Mtundu wa Alu, wa zilembo pafupifupi 300, uli ndi makope oposa 1 miliyoni, ngakhale kuti umachita kubwereka mapuloteni a LINE-1, monga momwe Ds amadalirira Ac.

Zotsatira za kusamukaku zimadalira pomwe kachidutswa katera. Nthawi zambiri kamagwera pamalo opanda langizo lofunika, ndipo palibe chimasintha. Koma mu 1988, Haig Kazazian ndi anzake adapeza odwala awiri a nthenda yosaundana magazi omwe LINE-1 adalowa pakati pa langizo lopanga puloteni youndanitsa magazi. Makolo awo analibe kachidutswako pamalopo, umboni wakuti kusamukako kudachitika chatsopano.

Nthawi zina kachidutswa kamasintha mphamvu ya langizo loyandikana nako. Udzu wa ku Mexico womwe ndi kholo la chimanga umakhala ndi nthambi zambiri. M'chimanga muli kachidutswa kokopera kotchedwa Hopscotch, komwe kadatera chapatali pang'ono ndi langizo la tb1 loletsa nthambi kukula, ndipo kamalilimbikitsa kugwira ntchito kwambiri. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe phesi la chimanga limakulira lokhalokha.

Maselo nawo amadziteteza. Amamata timankhwala ting'onoting'ono pa tizidutswati kuti tisawerengedwe, ndipo kachidutswa kosawerengedwa sikangapange lumo kapena kope. Chitetezochi chikafooka, monga zimachitikira m'maselo ambiri a khansa, LINE-1 amayambanso kudzikopera.