Kuphulika kwa fumbi la ufa

Kuphulika kwa fumbi la ufa ndi ngozi imene imachitika ufa wosalala ukamwazika mumpweya m'malo otsekeka n'kukumana ndi moto. Imachitika m'zigayo, m'nkhokwe zikuluzikulu za mbewu ndi m'nyumba zosungiramo ufa wa tirigu kapena wa chimanga.

Ufa uli m'thumba suphulika. Ukauyandikiza kumoto umangonyeka pang'onopang'ono chifukwa mpweya umafika pamwamba pokha. Koma ukauluka, kanjere kalikonse kamazunguliridwa ndi mpweya wa okosijeni, ndipo moto umalumpha kuchoka pa kanjere kena kupita pa kanzake m'kanthawi kosakwana sekondi imodzi. Mpweya wotenthawo umafufuma, ndipo ukasowa potulukira umagumula makoma kapena denga. Ufa wouma ndi wosalala kwambiri ndi umene umagwira moto msanga.

Sipafunika ufa wambiri. Pafupifupi magalamu 60 mu kiyubiki mita imodzi ya mpweya ndi okwanira. M'chipinda cha mamita 5 mulitali, 4 mulifupi ndi 3 kupita m'mwamba muli makiyubiki mita 60, choncho makilogalamu 3.6 okha atha kuchidzaza ndi mtambo woopsa. Ufa woyalana pansi ponse m'chipindacho, wochindikala milimita imodzi yokha, umalemera makilogalamu pafupifupi 10. N'chifukwa chake kuphulika koyamba, kumene nthawi zambiri kumachitikira m'kati mwa makina, sikumene kumapha anthu ambiri. Kumagwedeza nyumba n'kuulutsa fumbi la pamitanda ndi pamapaipi, ndipo fumbilo limaphulikanso mwamphamvu kuposa poyamba.

Pa 2 Meyi 1878, chigayo cha Washburn A mumzinda wa Minneapolis ku America chinaphulika ndipo anthu 18 anafa. Ofufuza anati mphero ziwiri zinkakhulana popanda tirigu pakati pake, moto n'kuthetheka. Pomanganso chigayocho anaikamo makina okoka fumbi.

Masiku ano moto umayamba kwambiri ndi beringi yotentha chifukwa chosowa girisi, lamba woterereka, msomali kapena mwala wolowa m'chigayo, waya wamagetsi wosendeka, fodya, ndi kuwotcherera zitsulo. Pofuna kupewa zimenezi, pakhomo pa chigayo amaikapo maginito ndi sefa, makina amawalumikiza kunthaka ndi waya kuti magetsi obwera chifukwa cha kukhulana asaunjikane, ndipo owotcherera sayamba ntchito makina asanazimitsidwe ndi malo asanayeretsedwe. Fungo la kupserera kapena beringi yosagwirika ndi dzanja ndi chizindikiro choti makina aimitsidwe. Nkhokwe zazikulu zimakhalanso ndi zitseko zopepuka zimene zimatseguka zokha kuti mphamvu ya kuphulika itulukire panja.

Poyeretsa, kupemerera fumbi ndi mpweya wa kompuresa n'kulakwitsa, chifukwa kumapanga mtambo umene ukupewedwawo. Fumbi liyenera kuyamwidwa ndi makina opangidwira ntchitoyo kapena kusesedwa mofatsa. Ku America, lamulo la nkhokwe za mbewu limati fumbi la pansi pafupi ndi makina ogaya kapena okweza mbewu lichotsedwe likangopitirira mamilimita pafupifupi atatu.