Nyimbo za pafoni mu saluni: ndalama ya pamwezi ija imagula chiyani?

Loweruka m'mawa saluni ya ku Ndirande imakhala itadzaza kale. Wina akulukitsa meshi, wina wakhala mu dirayala, atatu akudikira pabenchi. Pamwamba pa kalilole pali kasipika ka bulutufu, ndipo foni ya mwini saluni ili pa chaja ikuponya nyimbo za Namadingo, kenako za Driemo, kenako amapiyano. Mayiyu si wa nyimbo zobena. Mwezi uliwonse amalipira Spotify Premium, ndipo mutawauza kuti nyimbozo akuziimba popanda chilolezo akhoza kukuonetsani uthenga wa ku banki.

Komatu ndalama imene amalipirayo inawagulira kumvera iwo eni. Kuimbira makasitomala ndi nkhani ina.

Spotify inafika ku Malawi m'chaka cha 2021, pamodzi ndi maiko ena ambiri a mu Afirika monga Zambia, Mozambiki ndi Zimbabwe. Aliyense wotsegula akaunti amadina kuti wavomera malamulo a kampaniyo, ngakhale ambiri sawawerenga. Malamulowo amanena mosapsatira kuti nyimbozo n'zomvera munthu payekha, osati zochitira malonda. Kampaniyo imatchula ndithu malo amene sizololedwa, ndipo mabala, malesitilanti, masitolo ndi masaluni ali pamndandandawo. Apple Music ndi YouTube nazo zili ndi lamulo lofanana. Ena amaganiza kuti pulani ya Family, yomwe imalowetsa anthu mpaka 6, ithetsa vutolo, koma imeneyi ndi ya anthu okhala nyumba imodzi, aliyense ndi akaunti yake. Antchito a pa saluni ndi makasitomala awo salowamo.

Kampaniyo sikuti ikungoumira. Nyimbo iliyonse ili ndi eni ake mbali ziwiri: amene anapeka mawu ndi maimbidwe, ndi amene ali ndi umwini wa chojambulidwa cha mu situdiyo. Eni akewa amagulitsa zilolezo padera padera. Chimene anagulitsa kwa Spotify n'choti ifikitse nyimbo kwa womvera mmodzi mmodzi. Chilolezo choimba nyimbo pagulu sanachipereke, choncho kampaniyo singagulitse chinthu chimene ilibe. Zili ngati wolipira mpando umodzi mu minibasi: ulendo ndi wake, koma sangayambe kukweza ena n'kumatolera ndalama.

Onani mmene ndalama zimayendera. Spotify imawerenga kuti nyimbo yamveredwa ikaimba masekondi 30, ndipo imawerenga kamodzi basi, kaya wamva ndi munthu mmodzi wa mahedifoni kaya ndi anthu khumi ndi asanu a mu saluni. Woimba amalandira ya munthu mmodzi. Pomwe nyimboyo yagwira ntchito yaikulu: yachititsa kasitomala kupirira pabenchi maola awiri osapita kwa neba.

Apa ndi pamene ambiri amatsutsa. Amati sagulitsa nyimbo, amagulitsa nsima ndi chambo, ndipo palibe amene walipira pakhomo kuti amve nyimbo. Mfundoyi inazengedwa kalekale. M'chaka cha 1917 khoti lalikulu la ku Amerika linaweruza mlandu wa wopeka nyimbo Victor Herbert ndi lesitilanti ya Shanley ya ku New York, yomwe inkaimba nyimbo zake anthu akudya. Eni lesitilanti anati salipiritsa pakhomo. Khoti linati nyimbozo ndi gawo la zimene wodya akulipira, ndipo zikanakhala kuti sizibweretsa phindu mwini malo akanazisiya. Chigamulocho n'cha ku Amerika, koma maganizo ake ndi amene mabungwe otolera ndalama za oimba amayendera m'maiko ambiri.

Kuno kwathu ntchito imeneyi ili m'manja mwa COSOMA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 1992 ndipo lero likuyendera lamulo la umwini wa luso la 2016. Limapereka malaisensi kwa oimba nyimbo pagulu, n'kugawa ndalamazo kwa eni nyimbo. Nyimbo zakunja nazo zimawerengedwa, chifukwa mabungwe otere amagwirizana n'kumatolererana. Ku Zambia kuli ZAMCOPS, ku Zimbabwe ZIMURA. Mmalawi amene watsegula babashopu ku Joni akumana ndi mabungwe awiri, SAMRO ya opeka nyimbo ndi SAMPRA ya zojambulidwa. Wa ku Mangalande amatenga laisensi imodzi yotchedwa TheMusicLicence, imene PRS ndi PPL anaiphatikiza mu 2018.

Tibwerere kwa mayi a ku Ndirande aja, chifukwa pali msampha umene umakola ngakhale anthu ofuna kuchita zinthu mwachilungamo. Tinene kuti apita ku COSOMA, afotokoza mtundu wa bizinesi yawo ndi kukula kwa malo, auzidwa mtengo, alipira, ndipo pepala alipachika pakhoma. Kumbali ya lamulo la dziko, tsopano ali ndi chilolezo choimba nyimbo pagulu. Koma akalumikizanso akaunti yawo ya Spotify ku sipika ija, aphwanyabe pangano lawo ndi kampaniyo. Laisensi ya COSOMA siisintha malamulo a Spotify, monganso risiti ya Spotify siilowa m'malo mwa laisensi ya COSOMA. Pa mafunso awiriwa, loti malowo ali ndi chilolezo ndi loti nyimbozo zikuchokera kuti, lililonse limafuna yankho lake.

Zotsatira zake nazonso zimasiyana. Kampani ya nyimbo ikhoza kuimitsa kapena kutseka akaunti, mapuleyilisiti onse amene munthu wasonkhanitsa kwa zaka n'kupita. Kuimba pagulu popanda laisensi kumakhudza lamulo la dziko, ndipo kukhoza kufika ku khoti. Kunena zoona, saluni yaing'ono ikhoza kuona msanga woyendera malaisensi pakhomo kusiyana ndi kalata yochokera ku Sweden, kwawo kwa Spotify. Koma kusagwidwa sikubweza ndalama ya woimba, ndipo ambiri mwa oimba amene akumveka m'masaluni athu ndi anyamata ndi atsikana a m'makwalala omwewa, amene analipira situdiyo ndi ndalama za m'thumba mwawo.

Pulani ya munthu mmodzi imadziulula yokha ikaikidwa pa bizinesi. Akaunti imodzi imaimba pa intaneti pa chipangizo chimodzi nthawi imodzi, ndiye mwana akatsegula nyimbo kunyumba pa akaunti yomweyo, mu saluni mumangoti zii. Ya ulere imadukiza ndi zotsatsa malonda a anthu ena. Foni ikalira, nyimbo zimaima kasitomala ali pakati pomvera.

Nanga nyimbo zichokere kuti? Wailesi ndi njira yapafupi, ndipo siifuna bandulo, koma laisensi ya malo imafunikabe, pakuti chimene wailesi inalipira n'chakuulutsa kwake, osati kuimbira makasitomala a munthu wina. Nyimbo zogulidwa moyenera, pa CD yeniyeni kapena kwa woimba mwini wake, zimayenda bwino pamodzi ndi laisensi ija. Fulashi yodzazitsa kwa anyamata obena nyimbo pamsika ndi vuto linanso, chifukwa kukopa komweko kunachitika popanda chilolezo.

Palinso makampani amene anapangidwira mabizinesi, monga Soundtrack ya ku Sweden, yomwe Spotify yeniyeniyo imalozerako eni masitolo. Mtengo wake ndi wokwera kuposa wa munthu mmodzi ndipo amalipiritsa malo aliwonse paokha. Asanalipire, mwini saluni aonetsetse kuti kampaniyo imagwira ntchito m'dziko limene ali, komanso ngati mtengowo ukuphatikiza chilolezo choimba pagulu. Ku Amerika kawirikawiri chimakhala m'kati momwemo, koma m'maiko ambiri mwini malo amakatengabe laisensi ku bungwe la kwawo, ndipo kwa mayi a ku Ndirande bungwelo ndi COSOMA.